Agogo, ovina ndi bokosi aja sakukulaulirani

Funso: Ndine mayi wachikulire wa ku Ngabu. Ana anga anandigulira foni n'kundiika pa gulu la banja la WhatsApp. Mdzukulu amene ndimakhala naye analemba pagulupo kuti waswa mtsuko wanga wa madzi akumwa. Posakhalitsa wa ku Blantyre anaika kanema wa azibambo ovala masuti akuvina atasenza bokosi la maliro, wina n'kuikapo zigaza zitatu. Usiku umenewo tulo sindinatione. Palinso chithunzi cha mnyamata wachizungu akucheukira mkazi wina, ndipo analembapo kuti "nsima ya mapira ya agogo". Ndikafunsa amangoseka, amvekere "ndi mamimu, agogo". Kodi anawa akundilaulira, kapena akundinyoza?

Yankho:

Zikomo agogo,

Mtima ukhale m'malo. Palibe amene wakulaulirani, ndipo bokosi lija sanatumizire inu. Anatumizira mnyamata wanu woswa mtsukoyo, ndipo chimene amamuuza n'chakuti: "Iwe lero watha, agogo akuona." Ndikuuzani mmene ndadziwira, kuti mawa akaikanso china muzitha kuchimasula nokha osadikira kuti ana asiye kaye kuseka.

Mimu ndi chithunzi, kapena kakanema kakafupi, kamene anthu ambirimbiri amabwerekana. Amene wachitumiza si amene anachijambula, ndipo anthu ali pachithunzipo sawadziwa. Chithunzicho chili ndi ntchito yake imodzi imene onse ochigwiritsa ntchito anagwirizana, ngakhale sanakhalepo pansi kukambirana. China ntchito yake ndi kunena kuti "ndakhumudwa", china "zakuvuta", china "ndakopeka ndi chimene sindimayenera kukopeka nacho". Chimene chimasintha ndi mawu olembedwapo komanso nthawi imene chaponyedwa. Inu zimenezi mumazidziwa kale, kungoti munazidziwira pamtondo. Nyimbo yosinjira inali imodzimodzi mudzi wonse, koma mayi aliyense amaikamo mawu ake, ndipo ngakhale sanatchule dzina, apongozi ali pakhonde amadziwa kuti nyimboyo yaloza iwo. Mlendo wodutsa amangomva nyimbo. Pagulu lanulo mlendoyo pakadali pano ndinu, chifukwa mukuona chithunzi koma simunauzidwe ntchito yake.

Choncho mukaona mimu musayambe ndi kufunsa kuti "pachithunzipa pali chiyani?" Yambani ndi kufunsa kuti "akuyankha yani?" Ili ndiye funso lalikulu, ndipo foni imakuyankhani yokha. Munthu akamayankha uthenga wa mnzake, pamwamba pa zimene watumizazo pamaoneka kabokosi kakang'ono kokhala ndi kamzere ka mtundu cham'mbali, dzina la amene akuyankhidwayo, ndi mawu oyambirira a uthenga wake. Mukagunda kabokosiko ndi chala, foni imakukwezani mpaka pa uthenga weniweniwo. Bwererani pa kanema uja mukayang'ane. Ndikukhulupirira mupeza dzina la woswa mtsuko. Ngati kabokosi palibe, yang'anani uthenga umene uli pamwamba pake penipeni ndi nthawi imene yalembedwa pakona. Zikasiyana ndi mphindi imodzi kapena ziwiri, dziwani kuti ndi yankho la uthengawo.

Tsopano za azibambo ovinawo. Ndi anthu enieni, ndipo bokosilo ndi la maliro enieni, koma si kuno. Ndi a ku Ghana, ndipo kusenza maliro ndiyo ntchito yawo yolipidwa. Mtsogoleri wawo ndi bambo wina wotchedwa Benjamin Aidoo. Kwawoko mabanja ena, makamaka akataya munthu amene wakhala zaka zambiri, amafuna kumuperekeza mwachisangalalo, ndiye amalemba ganyu anyamatawa kuti anyamule bokosi akuvina. Amavala masuti ofanana, zipewa, magalasi akuda ndi nsapato zonyezimira, ndipo amatha kugwada kapena kugona pansi bokosi lili pamwamba pawo osaligwetsa. Wailesi ya BBC inawajambula mu 2017, anthu n'kuchita nawo chidwi pang'ono, nkhani n'kuzizira.

Anadzatchuka dziko lonse mu 2020, miyezi yoyambirira ya mliri wa Kovidi, anthu atabindikira m'nyumba ndi mafoni awo. Wina anatenga kanema wa ovinawo, anaikamo nyimbo yothamanga ya kudansi, n'kumulumikiza kumapeto kwa makanema a anthu ochita zinthu zopusa. Mumaona munthu akukwera mtengo wouma, kapena akuputa ng'ombe yamphongo. Nthambi isanathyoke, ng'ombe isanamugunde, kanemayo amadulidwa, n'kutulukira azibambo aja akuvina ndi bokosi. Ngoziyo saionetsa. Ovinawo ndi amene amakuuzani kuti zinatha moipa. Kuchokera pamenepo ntchito ya chithunzichi inakhazikika: chimatumizidwa kwa munthu amene wadziputira yekha mavuto ndipo chilango chake chili m'njira. Wolemba mayeso osawerenga amachilandira, woiwala tsiku lobadwa la mkazi wake amachilandira, timu ya mpira imene ikukakumana ndi akuluakulu ake imachilandira. Sichinena za imfa ya munthu aliyense.

Ndiye tiyeni tiike zonse pamodzi. Mnyamata waulula pagulu kuti waswa mtsuko. Msuweni wake wa ku Blantyre akudziwa kuti ku Ngabu mtsuko si chokongoletsa nyumba, ndi umene umachititsa kuti madzi amweke dzuwa likafika paliwombo. Akudziwanso kuti mwini wake salekerera zopusa. Akadalemba m'mawu akadati, "Kalanga ine m'bale wanga, takutaya, agogo sakusiya wamoyo." M'malo molemba watumiza ovina aja. Nthabwalayi imaseketsa pokhapokha ngati onse pagulupo akuvomereza kuti inu ndinu munthu woopedwa pakhomopo. Mukadakhala gogo wosawerengeredwa, palibe akadaseka. Komanso musaiwale kuti gogo ndi mdzukulu ndi anthu oselewulana kuyambira kale. Mdzukulu wamwamuna amakutchani mkazi wake inu n'kumuyankha kuti mwamuna wanji wosagula ndi mchere womwe. Zimene sangayerekeze kunena kwa amayi awo amanena kwa inu, ndipo pafoni akungopitiriza zomwezo.

Zigaza zitatu zija ndi zina. Timeneti ndi tizithunzi ting'onoting'ono timene timabwera kale m'foni, anawo amati maimoji. Achinyamata akaika chigaza 💀 akunena kuti aseka mpaka mphamvu zatha, monga mmene inu mumanenera kuti "ndafa nalo phwete". Kuika zitatu ndiye kuti waseka kwambiri, basi. Nambalayo ilibe tanthauzo lina, wina amaika ziwiri, wina zisanu, malinga ndi mmene chala chagundira. Nthawi zina chigazachi chimanenanso manyazi, ngati munthu wachita chinthu chochititsa manyazi moti oonerawo akumumvera chisoni akuseka. Pa nkhani ya mtsukoyi zonse ziwiri zikugwirizana.

Pali tinkhope tiwiri timene timasokoneza akuluakulu ambiri, ndipo apa ndikupemphani mutchere khutu chifukwa ndi pamene anthu amayambanirana zenizeni. Kankhope aka 😂 kali ndi misozi iwiri m'mbali, koma yang'anitsitsani pakamwa: kakuseka. Ndi misozi ya chikhakhali. Aka 😭 kali ndi misozi yotsika ngati mitsinje iwiri, ndipo poyamba kanali ka kulira, koma ana a masiku ano amakagwiritsanso ntchito poseka, kapena pokokomeza chinthu chaching'ono, monga "mawa Lolemba 😭". Kameneka ndiye kamafuna kuwerenga mawu ali pambali pake. Ngati nkhani ndi ya matenda, kakulira. Ngati nkhani ndi ya mtsuko, kakuseka. Ka chisoni chosakayikitsa ndi aka 😢, ka msozi umodzi ndi pakamwa pogwa.

Tibwere kwa mnyamata wocheuka uja, amene nkhani yake ndi yokoma kuposa ya bokosi chifukwa tanthauzo lake limatembenuka malinga ndi pamene mawu alembedwa. Choyamba dziwani kuti anthu atatuwo si banja ndipo palibe anasiyidwa. Ndi anthu olembedwa ganyu yojambulitsa. Anawajambula ndi katswiri wa zithunzi Antonio Guillem mumzinda wa Girona ku Spain mu 2015, n'cholinga chogulitsa chithunzicho kwa a nyuzipepala ndi otsatsa malonda ofuna chithunzi cha mwamuna wa maso akunja. Chinadzasanduka mimu yotchuka mu 2017.

Pachithunzipo pali anthu atatu, ndipo aliyense ali ndi udindo wake umene susintha. Pakati pali mnyamata wa malaya a mandalasi, wacheuka, milomo waisongola. Iyeyu amaimira munthu amene akukambidwa, kawirikawiri wotumiza yemweyo. Kudzanja lamanja la chithunzi kuli mtsikana amene akuyenda naye, wa bulauzi yobiriwira ngati mtambo, akumuyang'ana mokwiya pakamwa pali yasa. Ameneyu amaimira chinthu chimene munthuyo amayenera kukhala nacho mokhulupirika. Kumanzere, kutsogolo, kuli mkazi wa diresi yofiira amene akungodutsa osadziwa kanthu, ndipo amaimira chinthu chokopa. Wopanga mimu amangolemba mawu pa munthu aliyense. Mwana wa sukulu alemba "ine" pa mnyamata, "mabuku" pa mtsikana wokwiya, "mpira" pa wa diresi yofiira, ndipo wanena zonse: ndikudziwa kuti ndiyenera kuwerenga, koma mtima uli ku bwalo.

Ndiye tsegulani chithunzi chanucho, muchikuze ndi zala ziwiri, muone pamene pali nsima yanu. Ngati mawuwo ali pa mkazi wa diresi yofiira, mwatamandidwa. Mwina pa mtsikana wokwiyayo alembapo "mpunga wa m'tauni" kapena "zakudya za ku koleji", ndipo mdzukuluyo akunena kuti ngakhale akudya za m'tauni, akangomva za nsima ya mapira ya kwa agogo khosi limatembenuka lokha. Mwana wotere wapukwa kumudzi, ndipo tsiku lobwera mumusungire ufa.

Ngati mawuwo ali pa mtsikana wokwiya, ndiye kuti pa wa diresi yofiira pali china, tinene kuti "chipisi cha pa Dyeratu". Apa mdzukulu akuulula mlandu: amadziwa kuti kunyumba mwamuphikira, koma minibasi ikangotsika zikhotakhota za Thabwa n'kuima pa Dyeratu, fungo la pachiwaya limamugonjetsa, n'kufika kwanu atakhuta. Kodi uku n'kunyoza? Ine ndikuti ayi, ndipo chifukwa chake chili m'chithunzi momwemo. Wopusa pa anthu atatu aja ndi mnyamatayo. Aliyense woona chithunzicho amadziwa kuti wolakwa ndi wocheukayo, ndipo wolakwiridwa ndi mtsikana amene wamugwira dzanja. Munthu akadzilemba yekha pa mnyamatayo akudziseka yekha, ndipo nsima yanu waiika pa malo a mwini nyumba. Pamene pangakhale mnyozo ndi pamene walemba dzina la munthu wina pa mnyamatayo, makamaka munthu wapabanja, n'kusiya akazi awiriwo opanda mawu kapena kuwalemba maina a anthu enieni. Pamenepo si nthabwala ya nsima, akuulutsa nkhani ya m'nyumba ya eni, ndipo mukaziona muitanitse wotumizayo.

Pali nkhope zina zimene muzikumana nazo kawirikawiri zopanda mawu alionse, zongoponyedwa pansi pa uthenga wa munthu. Zambiri mwa izo ndi masitika, tizithunzi todulidwa m'mbali timene WhatsApp inayamba kulola mu 2018. Imodzi ndi ya kamnyamata kakuda kooneka ngati ka zaka khumi, nthawi zina katagwira kuchibwano, nthawi zina kakuwerengetsa zinthu pa pepala, nthawi zina kakuyang'ana cham'mbali mokayikira. Musadandaule kuti mwana wa eni akumuseweretsa. Ameneyo ndi Osita Iheme, katswiri wa mafilimu a ku Nigeria amene anabadwa mu 1982, munthu wamkulu wa thupi laling'ono. Ngati munaonerako mafilimu a ku Nigeria m'nyumba za kanema za pa Ngabu kapena pa Nchalo, munamuona akuvutitsa makolo pamodzi ndi mnzake wofanana naye msinkhu. Zithunzizo anazidula m'mafilimu akalewo. Nkhope yake ikabwera, tanthauzo lake ndi lomwe likuoneka pankhopepo, ndipo kawirikawiri ndi lakuti "nkhani yakoyi sindikuikhulupirira" kapena "masamu ake sakutuluka". Wina akalemba kuti ndalama ya feteleza yathera pa thiransipoti, kankhopeka sikachedwa.

Ina ndi ya bambo wa dazi, wovala malaya a mandalasi ndi kajekete kopanda manja, waima manja ali m'chiuno, nkhope ili gwa. Ndi wa ku Pakistan, ndipo kamera inamugwira mu 2019 ku Mangalande akuonera masewero a kiriketi, wosewera wa dziko lake atagwetsa mpira umene amayenera kuuwakha. Sanalankhule kanthu, anangoima choncho. Ntchito ya chithunzi chake ndi kukhumudwa kwa munthu amene mawu amuthera. Mukadzamva kuti Bullets kapena Manoma agonja, yang'anani pagulu, mumupeza. Ndipo pamasiku a mpira wa matimu awiriwa, zofiira ndi zabuluu zikachuluka pagulu ndipo adzukulu akunyogodolana mpaka usiku, musalowererepo kuti muyanjanitse. Palibe amene wayambana.

Chimodzi chimene ndikudziwa kuti chidzafika pagulu lanu mu Okutobala kapena Novembala ndi chojambula pamanja: galu wovala kachipewa wakhala pampando, kapu ili patebulo, nyumba yonse ikuyaka moto, iye akumwetulira. Pamwamba pake pamalembedwa mawu achingerezi akuti "This is fine", kunena kuti zonse zili bwino. Chinajambulidwa ku Amereka mu 2013. Ntchito yake ndi kuseka munthu amene zinthu zamuipira koma akunamizira kuti palibe vuto, kapena wangozolowera. Ana a kuchigwa amachikonda chifukwa safunika kusintha kanthu, amangolemba pansi pake kuti "Nsanje, 2 koloko masana". Ameneyo si moto wolosera kuti nyumba ya wina ipsa. Ndi kutentha komwe mukukudziwako, kumene anthu amatulutsa mphasa n'kugona panja.

Tsono ndisakunamizeni kuti mimu iliyonse ndi yabwino chifukwa choti ndi mimu. Mawu akuti "ndi nthabwala chabe" ana amabisalirako, ndipo pali malo amene mtima wanu ukakana, ukukana zoona.

Malo oyamba ndi nthawi. Ovina ndi bokosi omwe aja, atatumizidwa pansi pa uthenga wakuti malume agonekedwa ku chipatala cha Chikwawa, si nthabwalanso. Chithunzicho sichinasinthe, koma chimene chikuyankha chasintha, ndipo ntchito yake ija yakuti "wadziputira wekha, watha" ikugwera pa munthu wodwala. Chimodzimodzi sabata ya maliro. Pamakhala ana ena amene amangoponya zimene aziona kwina osawerenga zimene zili pamwamba, ndipo mudzawadziwa chifukwa uthenga wawo umakhala wopanda kabokosi ka yankho ndipo sugwirizana ndi chilichonse. Ameneyo sanafune zoipa, koma auzidwe kuti afufute. Akagwira uthengawo ndi chala kwa kanthawi, n'kugunda kachizindikiro ka bini, foni imamufunsa, ndipo asankhe "Delete for everyone" kuti uchoke kwa onse. Asachedwe, chifukwa pakapita masiku angapo mwayi wofufutira onse umatha.

Malo achiwiri ndi nkhope. Anthu onse amene ndakufotokozeraniwa ndi akutali, ndipo ambiri a iwo kujambulidwa ndi ntchito yawo. Koma masiku ano mwana aliyense angathe kudula nkhope ya munthu wa pakhomo n'kuisandutsa sitika m'kamphindi. Mwina anakujambulani mukuwodzera pa ukwati, kapena mukukalipira mbuzi. Mabanja ena amasangalala nazo, ndipo ndaonapo agogo amene amanyadira kuti nkhope yawo yokwiya ndiyo imathetsa mikangano pagulu. Koma dziwani ichi musanavomere: aliyense amene walandira sitika angathe kuisunga n'kuitumiza ku gulu lina, la kusukulu kapena la kuntchito, ndipo ikatuluka palibe njira yoibweza. Kumeneko sakudziwani, ndiye ntchito ya nkhope yanu adzaisankha ndi alendo. Ngati simukufuna, nenani poyera kuti nkhope yanga ayi, ndipo simukuyenera kupereka chifukwa. Ndingaumirire kwambiri pa nkhope za ana aang'ono ndi za munthu wojambulidwa ataledzera kapena akudwala. Akuluakulu a pagulupo adziwenso kuti dziko lino lili ndi lamulo la 2016 loona za mauthenga a pa makina ndi pa intaneti, limene limaletsa kuzunza kapena kunyazitsa munthu kudzera pa foni, ndipo anthu anamangidwapo chifukwa cha zimene anatumiza pa magulu a WhatsApp.

Malo achitatu ndi ovutirapo kuwaweruza, ndipo ndi a ife a kuchigwa. Madzi akasefukira, monga mu 2015, kapena nthawi ya namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, mamimu a Chikwawa ndi Nsanje amachuluka. Ena amapangidwa ndi ana athu omwe, ndipo mwana amene anagona pa sukulu madzi atalowa m'nyumba akaika galu uja atakhala m'madzi m'malo mwa moto, ine sindimuletsa. Akuseka zimene zinamuchitikira, ndipo nthawi zina ndi njira yokhayo imene angazinenere. Koma pali ena ochokera kumtunda, onena kuti anthu a kuchigwa amakana kusamuka dala kuti azilandira thandizo chaka ndi chaka, kapena oseka kalankhulidwe ka Asena. Mdzukulu wokulira m'tauni angathe kutumiza zotere osaganiza, chifukwa anzake onse aseka. Muyezo wake ndi funso lomwe lija: nthabwalayi yaloza yani? Ngati wotumiza ali m'kati mwa osekedwawo, musiyeni. Ngati waima kunja n'kumaloza anthu a ku Makhanga amene anataya ziweto ndi abale, mufunseni ngati angaonetse chithunzicho kwa azakhali ake a kutsidya kwa Shire iwo ali pomwepo.

Chinanso musasokoneze ndi mimu ndi chithunzi chonamizira kukhala nkhani. Mimu sifuna kuti muikhulupirire, ndipo kukokomeza kwake kumaonekeratu. Koma pamabwera zithunzi zina zokhala ndi chizindikiro cha boma kapena cha wailesi, zonena kuti mlatho wa Kamuzu wakokoloka, kapena kuti tumizani nambala yanu mulandire ndalama. Yang'anani pamwamba pa uthengawo. Mukaona kamuvi ndi mawu akuti "Forwarded", mdzukuluyo sanalembe yekha, wangopatsira. Mukaona timivi tiwiri ndi mawu akuti "Forwarded many times", chadutsa m'manja ambiri ndipo mwini wake sakudziwika. Zithunzi za madzi osefukira a chaka china zimabweranso nyengo ya mvula iliyonse ngati zatsopano. Nkhani ya mvula ndi madzi muziitsimikiza pa wailesi, kumene a zanyengo ndi a nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi amalengeza, kapena kwa a komiti ya m'mudzi. Ndipo nambala yachinsinsi ya ndalama za pafoni musapatse munthu chifukwa cha chithunzi, ngakhale chitabwera ndi mdzukulu amene mumamukonda.

Kuyankha mamimu sikufuna kuti nanunso mukhale ndi anu. Gwirani ndi chala kachizindikiro ka maikolofoni kali pansi kudzanja lamanja, mulankhule, musiye. Gogo akayankha nthabwala ndi mawu akeake, Chisena kapena Chimang'anja chili thithithi, gulu lonse limagwa nacho kuposa chithunzi chilichonse cha ku Ghana. Koma mukafuna kuyankha mwachidule, gwirani uthengawo kwa kanthawi ndipo pamwamba pake patuluka kamzere ka tizithunzi: 👍 ❤️ 😂 😮 😢 🙏. Apa ndi pamene ngozi ija imachitikira. Koseka ndi kolira tayandikana, pakati pawo pali kamodzi kokha, tonse tili ndi misozi, ndipo pa foni yaing'ono maso a ukalamba satisiyanitsa. Akuluakulu ambiri aikapo 😂 pa uthenga wa maliro akuganiza kuti akulira nawo. Pa uthenga wa zovuta sankhani manja awiri ophatikizana 🙏 amene ali chakumapeto, chifukwa amenewo sasokonezeka ndi china ndipo amanena pemphero kapena kuthokoza. Mukazindikira kuti chala chaphonya, gundani kachithunziko pamene kaonekera pansi pa uthenga, mudzaona mzere wanu ndi mawu akuti "Tap to remove", mugunde pamenepo ndipo kachoka. Mukatero muimbire foni mwini uthengawo, chifukwa mwina anali atakaona kale.

Ndine wanu,
Mlangizi wa za mafoni ndi mauthenga